Mnzathu wa ku Manila anakhala chete masiku atatu, ndipo tsopano gulu lathu layamba kukayikirana

Mayi Nachisale

Ndikupempha nzeru kwa inu amene munatsogolerapo anthu ogwira ntchito imodzi koma akukhala m'mayiko osiyanasiyana. Ndimayang'anira gulu la anthu 7 limene limalemba malipoti a kafukufuku. Awiri ali ku Toronto, awiri ali ku Berlin, ine ndi mnzanga mmodzi tili ku Nairobi, ndipo amene amasanthula ziwerengero ali yekha ku Manila. Sitinaonanepo maso ndi maso tonse pamodzi, ndipo ntchito yathu yonse imayenda pa mauthenga ndi pa msonkhano wa pa vidiyo umene timakhala nawo Lachiwiri lililonse.

Sabata yoyamba ya Febuluwale, mnzathu wa ku Toronto analembera wa ku Manila Lachinayi nthawi ya 4 koloko madzulo kuti, "Chonde munditumizire matebulo aja mawa." Wa ku Manila anayankha ndi kachizindikiro ka chala chachikulu basi. Lachisanu, wa ku Toronto anakumbutsa nthawi ya 9 koloko m'mawa, anakumbutsanso 1 koloko masana pa gulu pamene tonse timawerenga, koma yankho silinabwere. Matebulo anafika Lamlungu cha m'ma 11 koloko usiku, pamene lipoti linayenera kupita kwa kasitomala Lachisanu madzulo. Kuyambira pamenepo, wa ku Toronto anandiuza mwamseri kuti mnzakeyo ndi wosadalirika, wayamba kudziwerengera yekha ziwerengero, ndipo uthenga uliwonse umene akumulembera amaikamo dzina langa kuti ndiziona. Wa ku Manila naye wasiya kulankhula pa misonkhano. Kodi ndiyambire pati kuti anthuwa ayambirenso kukhulupirirana?

Bambo Mvula

Mayi, vuto lanu ndi lakuti simuona zimene anthu anu akuchita, ndipo munthu sangakhulupirire chimene sakuchiona. Ine ndikanaika lamulo lakuti uthenga uliwonse uziyankhidwa lisanathe ola limodzi, kamera izikhala yoyatsa pa msonkhano uliwonse, ndipo aliyense aziika pa kompyuta yake pulogalamu yosonyeza nthawi imene wayamba ntchito ndi nthawi imene waweruka. Zikatero, waulesi adzaonekera yekha popanda wina kumuneneza.

Bambo Kalua

Mayi Nachisale, musanayambe kuweruza aliyense, tiyeni tiwerenge nthawi zimene mwatchulazi pa wotchi ya munthu aliyense, chifukwa ndikuona kuti nkhani yonse ili pamenepo. M'mwezi wa Febuluwale, Toronto imakhala maola 5 kumbuyo kwa nthawi ya UTC, yomwe ndi nthawi imene mayiko onse amayezerapo mawotchi awo, pamene Manila imakhala maola 8 patsogolo, kotero kuti pakati pa awiriwa pali maola 13. Uthenga umene unatumizidwa Lachinayi 4 koloko madzulo ku Toronto unafika ku Manila Lachisanu 5 koloko m'mawa, ndipo pa foni ya mnzanuyo unalembedwa kuti ndi wa Lachisanu. Iye atauwerenga, tsiku lotsatira linali Loweruka, ndipo munthu woganiza bwino akanatha kumva kuti ntchitoyo ikufunika tsiku lotsatira logwira ntchito, lomwe ndi Lolemba.

Tsopano taonani zikumbutso zija. Cha 9 koloko m'mawa ku Toronto chinafika ku Manila Lachisanu 10 koloko usiku, ndipo cha 1 koloko masana chinafika Loweruka 2 koloko m'bandakucha. Matebulo amene wa ku Toronto anawalandira Lamlungu 11 koloko usiku anatumizidwa Lolemba 12 koloko masana ku Manila, kutanthauza kuti munthuyo analowa ntchito Lolemba m'mawa, anamaliza, n'kutumiza asanapite kukapuma masana. Kwa iye anasunga lonjezo lake, koma kwa mnzake anakhala chete masiku atatu atakumbutsidwa kawiri. Onse awiri akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake aliyense akuona kuti walakwiridwa.

Zimenezi si zachilendo. Catherine Cramton, m'kafukufuku wake wa mu 2001 wokhudza magulu 13 a anthu ogwirira ntchito limodzi ali kutali, anapeza kuti limodzi mwa mavuto obwerabwera linali kulephera kumasulira tanthauzo la kukhala chete kwa mnzako. Anaonanso kuti munthu akakhala kuti sakudziwa mmene zinthu zilili kumene kuli mnzake, amafulumira kunena kuti vuto ndi khalidwe la munthuyo. Mu ofesi imodzi, mukaona mpando wa mnzanu uli wopanda munthu ndipo magetsi azimitsidwa, mumadziwa kuti waweruka. Pa mauthenga simuona mpando, ndiye malo opanda kanthuwo mumawadzaza ndi maganizo anu, ndipo munthu amene wapanikizika ndi kasitomala samadzazamo maganizo abwino.

Mayi Nachisale

Zikomo kwambiri, Bambo Kalua. Ndabwerera ku mauthenga aja ndipo nthawi zake zikugwirizana ndi mmene mwawerengera. Komabe wa ku Toronto adzanena kuti mnzakeyo anavomera, popeza anaika kachizindikiro kaja.

Bambo Kalua

Adzanenadi, ndipo mufunse funso lakuti anavomera chiyani. Kachizindikiro kameneko anthu ena amakaika potanthauza kuti awerenga, ena potanthauza kuti agwirizana nazo, ndipo ena potanthauza kuti ayamba kale ntchitoyo. Sikanena tsiku, sikanena ola, ndiponso sikapereka mpata woti wopemphayo aone ngati wamveka molakwika. Mnzanu wa ku Manila akanalemba kuti, "Ndamva, ndidzatumiza Lolemba masana," wa ku Toronto akanaona Lachinayi usiku lomwelo kuti pali kusamvana, ndipo akanakonza nthawi ikadalipo.

Pa magulu amene ndakhala ndikuwatsogolera, timagwirizana kuti pempho lililonse limene wina akulidikira lizitchula chinthu chenichenicho, tsiku ndi ola pa nthawi ya UTC, ndi chimene chidzaime ngati chinthucho chachedwa. Pempho lija likanalembedwa motere: "Ndikufuna matebulo 3 a chigawo chachiwiri pofika Lachisanu 14:00 UTC, chifukwa lipoti likupita kwa kasitomala 22:00 UTC tsiku lomwelo." Wolandira amayankha ndi mawu, kubwereza tsiku ndi olalo, kapena kunena nthawi imene angakwanitse. Chinthu chachitatu n'chimene anthu amachiiwala kawirikawiri: amene waona kuti achedwa azinena nthawi yomwe analonjeza isanakwane. Anthu amakhululuka mosavuta kuchedwa kumene anachenjezedwa, chifukwa amatha kusintha mapulani awo, koma kuchedwa kumene akutulukira okha nthawi itadutsa n'kumene kumawononga ubale.

Bambo Gondwe

Pa nkhani ya kukhulupirirana pa intaneti, ine ndikulangiza kuti aliyense azilowa mu imelo yake ndi chitsimikizo cha magawo awiri, ndipo musamatumizirane mawu achinsinsi pa mauthenga wamba. Masiku ano akuba amatha kulemba uthenga ngati kuti wachokera kwa mnzanu wa pa ntchito, ndiye mukakhala m'mayiko osiyana n'zovuta kudziwa amene mukulankhula naye.

Mayi Nachisale

Malangizo amenewa ndi abwino, Bambo Gondwe, ndipo zimenezi timachita kale. Koma pano palibe amene akukayikira kuti uthenga unachokera kwa ndani. Chimene chasokonekera n'chakuti wina sakukhulupiriranso kuti mnzake adzachita zimene wanena.

Mayi Nyirenda

Ndikufuna kuyankhapo ngati munthu amene anakhalapo pa malo a mnzanu wa ku Manila, chifukwa pa ntchito ina ndinali ndekha kutali pamene anzanga onse anali m'mizinda iwiri yoyandikana nthawi. Bambo Mvula, lamulo lanu la ola limodzi likanatanthauza kuti ndizidzuka pakati pa usiku kuyankha mauthenga, ndipo pulogalamu yoyang'anira kompyuta ikanandiuza chinthu chimodzi chokha, chakuti abwana anga akundiyesa wakuba nthawi. Munthu akadziwa kuti akuwerengeredwa mphindi zimene wakhala pa kompyuta, amaphunzira kuoneka wotanganidwa, ndipo amasiya kunena akakumana ndi vuto chifukwa amaopa kuti lidzalembedwa pa dzina lake.

Mayi Nachisale, mwanena kuti mnzanuyo wasiya kulankhula pa misonkhano. Ndikufunseni: msonkhano wanu wa Lachiwiri umakhala nthawi yanji kwa iye? Ine misonkhano yanga yonse inkakhala usiku. Anzanga ankalowa ali ndi mphamvu, akuseka nkhani zimene anayamba kukambirana masana, pamene ine ndinkalowa nditatopa, ndikulankhula motsitsa mawu kuti ndisadzutse a m'nyumba, m'chinenero chimene sichinali changa chobadwa nacho. Ndikamafuna kulowererapo, mawu anga ankafika mochedwa pang'ono chifukwa cha netiweki, n'kupezeka kuti wina wayamba kale kulankhula, ndiye ndinkangomusiyira. Patapita miyezi ndinamva kuti anzanga ankandiona ngati munthu wopanda chidwi ndi ntchito.

Mayi Nachisale

Timakumana 13:00 UTC. Kwa ife ku Nairobi imakhala 4 koloko madzulo, ku Berlin 2 koloko masana, ku Toronto 8 koloko m'mawa, ndipo ku Manila imakhala 9 koloko usiku. Takhala tikutero kuyambira pamene gululi linayamba, ndipo iye sanadandaulepo.

Mayi Nyirenda

Inenso sindinadandaulepo, Mayi. Munthu amene ali yekha pakati pa anzake 6 amaona kuti akadandaula asokoneza anthu onsewo chifukwa cha iye mmodzi, ndiye amangopirira. Koma mumtima amawerenga kuti sabata iliyonse ndi iye yekha amene amapereka usiku wake, ndipo tsiku limene anaweruka pa nthawi yake Lachisanu, anadzudzulidwa pamaso pa gulu lonse. Mukamufunsa, musafunse ngati nthawiyo ili bwino, chifukwa adzayankha kuti ili bwino. Muuzeni kuti mwaona kuti katunduyu wakhala akusenza yekha ndipo mukufuna kusintha, kenako mumupatse nthawi ziwiri kapena zitatu zoti asankhepo.

Bambo Kalua

Mayi Nyirenda anena chinthu chachikulu, ndipo ndikuwonjezera kuti pa mizinda yanu inayi palibe ola limene onse angakhale ali mkati mwa nthawi ya ntchito. Mukasunthira ku 07:00 UTC, Berlin ikhala pa 8 koloko m'mawa, Nairobi pa 10 koloko, Manila pa 3 koloko masana, koma Toronto ikhala pa 2 koloko usiku. Mukasunthira ku 14:00 UTC, Toronto ikhala pa 9 koloko m'mawa, Berlin pa 3 koloko masana, Nairobi pa 5 koloko madzulo, koma Manila ikhala pa 10 koloko usiku. Njira imene ndinaiona ikuyenda ndi yogwiritsa ntchito maola awiri onsewo mosinthanitsa: sabata ino 07:00 popanda a ku Toronto, sabata yamawa 14:00 popanda wa ku Manila, ndipo msonkhano wa anthu onse uzichitika kamodzi pa mwezi. Koma njira imeneyi imagwira ntchito pokhapokha ngati zimene mwagwirizana zalembedwa tsiku lomwelo m'chikalata chimene aliyense amatsegula, ndipo amene sanalipo apatsidwa tsiku limodzi logwira ntchito kuti atsutse chisankho chisanakhazikike. Popanda zimenezo, amene palibe adzangodzuka n'kupeza kuti zinthu zagamulidwa kale.

Samalaninso mwezi wamawa. Toronto imasuntha mawotchi ake Lamlungu lachiwiri la Malichi, Berlin imasuntha Lamlungu lomaliza la mwezi womwewo, pamene Nairobi ndi Manila sizisuntha konse. Pa masabata a pakatipo, kusiyana kwa Toronto ndi Berlin kumakhala maola 5 m'malo mwa 6, ndipo msonkhano umene unaikidwa pa kalendala malinga ndi nthawi ya mzinda umodzi umatha kusuntha kwa ena. Muwachenjeze anthu anu pasadakhale, kuti wina asadzalowe mochedwa ndi ola lathunthu n'kupatsidwanso dzina la wosasamala.

Bambo Mvula

Ndamva za maola, ndipo ndikuvomereza kuti ola limodzi silingatheke pamene wina ali mtulo. Koma mukulankhula ngati kuti anthu aulesi kulibe. Ine ndinagwirapo ntchito ndi munthu amene nthawi zonse ankanamizira netiweki, magetsi ndi kusiyana kwa nthawi, mpaka tinatulukira kuti ankagwira ntchito ina pa maola amene tinkamulipira. Mtsogoleri akangomvetsa chilichonse, anthu olimbikira ndi amene amatopa n'kuchoka. Mungasiyanitse bwanji wosamvetsetsedwa ndi wachinyengo ngati simukuona chimene akuchita?

Bambo Kalua

Funso lanu ndi loyenera, Bambo Mvula, ndipo mukulondola kuti payenera kukhala chinthu chooneka. Pamene tikusiyana ndi pa chinthu choyenera kuonedwacho. Maola amene munthu wakhala pa kompyuta sanena ngati matebulo ake ali olondola kapena ngati afika pa nthawi. Chimene chiyenera kuoneka ndi malonjezo. Tsegulani tebulo limodzi la gulu lonse, mtsogoleri akhalemonso, lokhala ndi dzina, chimene walonjeza, tsiku ndi ola, ndi pamene chafikadi. Ntchito yaikulu muigawe kuti lonjezo lililonse likhale la masiku awiri kapena atatu, chifukwa lonjezo la mwezi wathunthu limakusiyani mumdima mpaka tsiku lomaliza.

Pakatha sabata zinayi kapena zisanu, tebulolo limayankha funso lanu. Munthu amene vuto lake linali kusamvana amayamba kukwaniritsa akangopatsidwa tsiku ndi ola lomveka, ndipo akachedwa amanena pasadakhale n'kutchula chenicheni chimene chamugwira, monga kuti deta imene analandira inali ndi mizere yobwerezedwa. Munthu ngati amene mukunenayo amavomera tsiku mosavuta, amakhala chete mpaka litadutsa, ndipo chifukwa chake chimasintha sabata iliyonse koma sichikhudza ntchitoyo. Pali wachitatu amene anthu amamusokoneza ndi waulesi: amayankha mwachangu, amachenjeza, koma ntchito yake imabwera ndi zolakwika. Ameneyo akufunika kuphunzitsidwa kapena kuchepetseredwa ntchito, osati kudzudzulidwa ngati wachinyengo.

Sirkka Jarvenpaa ndi Dorothy Leidner anafufuza magulu a ophunzira a m'mayiko osiyanasiyana amene anagwira ntchito limodzi kwa sabata 6 kudzera pa makompyuta okha, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1998 ndi 1999. Magulu amene anamaliza akukhulupirirana anali amene ankalemberana mosadukizadukiza, ankadziwitsana pasadakhale wina akakhala kuti sapezeka, ndipo ankayankha ntchito ya mnzawo pa nthawi yake ndi ndemanga zosonyeza kuti aiwerengadi. Kucheza ndi kudziwana kunkathandiza poyambira, koma pakokha sikunkakwanira kusunga chikhulupirirocho. N'chifukwa chake ine sindiyembekezera zambiri kuchokera ku misonkhano yongocheza pa vidiyo ngati malonjezo a tsiku ndi tsiku akadali osamveka.

Mayi Nyirenda

Pa macheza ndikusiyana nanu pang'ono, Bambo Kalua. Kafukufukuyo anali wa ophunzira a sabata zochepa, pamene gulu la Mayi Nachisale likhala limodzi zaka. Chimene chinasintha zinthu kwa ine sichinali tebulo, koma mnzanga mmodzi amene anayamba kundiimbira foni mphindi 15 sabata iliyonse, pa nthawi imene kwa ine kunali masana. Atadziwa mmene tsiku langa limayendera, anayamba kundiyankhira pa misonkhano imene ndinalibe, kunena kuti, "Panopa kwawo ndi usiku, tidikire ayankhe mawa." Tebulo limasonyeza amene wachedwa, koma silingamuimire munthu pamene palibe.

Mayi Nachisale

Zonse ziwiri ndikuziona kuti n'zofunika. Koma chimene chikundisowetsa tulo ndi anthu awiriwa. Kodi ndiwalembere uthenga wofotokoza za maolawa, kapena ndidikire msonkhano wa Lachiwiri?

Bambo Kalua

Musalembe, ndipo musadikire msonkhano wa onse. Uthenga wolembedwa pa nkhani imene anthu akwiya kale umawerengedwa ndi mawu aukali ngakhale munaulemba mofatsa. Muimbireni aliyense payekha, muyambe ndi wa ku Manila, ndipo mumufunse kuti afotokoze mmene sabata ija inayendera kwa iye musananene zimene mwapeza. Kenako muimbireni wa ku Toronto, mumuonetse mzere wa nthawi uli ndi mawotchi awiri mbali ndi mbali, ndipo muvomereze kuti anapanikizikadi, popeza ndi iye amene anakapepesa kwa kasitomala. Mukatero, mumupemphe zinthu ziwiri zomveka: asiye kuika dzina lanu pa uthenga uliwonse, ndipo asiye kubwereza ziwerengero mwamseri. Ngati akufuna kutsimikiza, anene poyera kuti pa malipoti awiri otsatira aziona matebulo limodzi ndi mwini wake. Pomaliza awiriwo akambirane pa foni, ndipo nthawi ino wa ku Toronto ndi amene apereke madzulo ake: 8 koloko usiku kwa iye ndi 9 koloko m'mawa wa tsiku lotsatira ku Manila.

Popeza chikumbutso chachiwiri chija chinaikidwa pa gulu, ndikuona kuti kukonza kwakenso kuyenera kuchitika pa gulu, kuti anthu a ku Berlin asapitirize kuganiza kuti mnzawo ananyalanyaza ntchito.

Mayi Nyirenda

Apa ndiye musamale kwambiri. Pali anthu amene kutchulidwa pa gulu, ngakhale pofuna kuwayeretsa, kumawachititsa manyazi kachiwiri, ndipo wa ku Toronto naye angamve ngati waimikidwa pa bwalo. Ine ndikanafunsa kaye mwini wakeyo ngati akufuna kuti nkhaniyi itchulidwe, ndipo akakana, ndikanangobweretsa dongosolo latsopano la masiku ndi maola popanda kutchula dzina la munthu.

Bambo Kalua

Kumufunsa kaye ndikugwirizana nako. Koma akakana, dzina loipa lija lidzatsalabe m'mitima ya anthu 5, ndipo sindikudziwa ngati dongosolo latsopano palokha lingalichotse msanga.

Mayi Nachisale

Ndalankhula ndi wa ku Manila lero m'mawa. Anandiuza kuti atatsegula foni Loweruka n'kuona chikumbutso cha pa gulu chija, anaganiza zotumiza matebulo osamaliza, koma anaopa kuti zolakwika zidzapita kwa kasitomala, ndipo sanadziwe n'komwe kuti lipoti linali lopita Lachisanu chifukwa palibe amene anamuuza. Wapempha kuti ndisatchule dzina lake pa msonkhano, koma wavomera kukambirana ndi mnzake wa ku Toronto, amene ndimuimbira mawa 9 koloko m'mawa pa nthawi ya kwawo.

Za misonkhano yosinthanitsa ndili ndi nkhawa imodzi. Ife a ku Nairobi ndi a ku Berlin tidzakhala pa misonkhano yonse iwiri, pamene a ku Toronto ndi wa ku Manila, amene ndi omwe asemphana, azionana kamodzi kokha pa mwezi. Kodi pamenepo sitikhala kuti anthu anayi tasanduka eni gulu, ndipo awiri ofunika kuyandikizana tawatalikitsanso?

Bambo Mvula

Nkhawa yanuyo ndi yoona, Mayi. Ine ndikanawapatsa awiriwo gawo limodzi la lipoti lotsatira kuti likhale lawo, ndi foni yawoyawo sabata iliyonse imene aziisinthanitsa, sabata ina wa ku Toronto madzulo, sabata ina wa ku Manila madzulo. Koma muwafunse okha ngati angakwanitse, chifukwa mukawalamula, wa ku Toronto adzaona ngati ndi chilango.